Madzi a laimu ku Karonga: zomwe zimatseka mapaipi

Ku Karonga madzi a m'nyanja ya Malawi sachedwa kuchita thovu, koma pa mijigo ina ya m'chigwa sopo amangothera m'manja. Ketulo nayo imamera nkhoko yoyera pansi. Chimachititsa zimenezi ndi kashiamu ndi maginiziyamu zosungunuka m'madzi.

Pansi pa nthaka ya madera ngati Uraha ndi Malema pali miyala yokhala ndi laimu. Madzi a mvula akamalowa pansi amatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi, n'kukhala ndi asidi pang'ono amene amasungunula laimuyo mwakachetechete. Pofika pa mjigo madziwo amaoneka oyera bwinobwino. Koma mukawatenthetsa mpweya uja umathawa, laimu n'kuumanso pa chitsulo. N'chifukwa chake magiza ndi mapaipi a madzi otentha ndiwo amayamba kutsekeka, makamaka kutentha kukapitirira madigiri 60. Mpopi umayamba kudontheza, ndipo giza imadya magetsi ambiri chifukwa nkhokoyo imatchinga kutentha. Finyirani ndimu pa nkhoko ya m'ketulo: ikachita thovu, ndi laimu ndithu.

Makina ofewetsa madzi, amene amachotsa laimuyu, ndi thanki yodzaza timikanda ta rezini, tating'ono ngati mbewu za bonongwe, tomwe tagwirira sodiyamu wa mu mchere. Madzi akamadutsa, timikandato timagwira kashiamu n'kutaya sodiyamu, awiri pa kashiamu mmodzi aliyense. Ndi msinthano chabe, ndipo malo ogwirira amatha.

Tiyerekeze nyumba yogona alendo imene imagwiritsa ntchito malita 1,000 patsiku, madzi ake ali ndi laimu wokwana mamiligalamu 300 pa lita. Ndiye kuti patsiku mukulowa magalamu 300. Lita imodzi ya timikanda imagwira pafupifupi magalamu 50, choncho thanki ya malita 25 imakhuta pakatha masiku anayi. Apa timikandato timatsukidwa ndi madzi osungunuliramo mchere wambiri, pafupifupi makilogalamu atatu, amene amakankha kashiamu uja n'kubwezeretsa sodiyamu. Mchere ukatha osauwonjezera, makina amangokhala chokongoletsa, ndipo sopo ndiye amayamba kukuuzani. Madzi a dzimbiri nawo amaphimba timikandato n'kutifooketsa.

Chimene ndikufuna chimveke ndi ichi: madzi a laimu ndi osiyana ndi madzi a mchere, ngakhale anthu amawasokoneza. Mjigo wa mchere makinawa sangauchize, amangowonjezera sodiyamu. Pa chitsanzo chathu chija, lita iliyonse imalandira mamiligalamu pafupifupi 140, zomwe odwala matenda othamanga magazi ayenera kuzidziwa. Makinawa sachotsa fuloraidi wofiiritsa mano, ndipo sapha tizilombo ta kolera. Laimu m'madzi akumwa savulaza thupi, kotero mpopi wa kukhitchini ndi bwino kuulambalalitsa makinawo, ndipo musanagule yambani mwayezetsa madzi anu ku labotale.