Magetsi akathima pa saluni: zida zoyendera batire ndi zofuna kudikira

Loweruka m'mawa saluni iliyonse ya m'tauni imakhala yodzaza. Amayi opita ku ukwati ndi ku zinkhoswe amafuna kutuluka msanga, ndipo abambo amadikira pabenchi kuti amete asanapite ku tchalitchi mawa lake. Magetsi akathima nthawi imeneyo, mmodzi amatsala ndi marola m'tsitsi lonyowa, wina mutu wometedwa mbali imodzi, ndipo wina ali ndi mankhwala owongolera tsitsi amene ayamba kumuwawa. Mwini saluni amataya ndalama za tsikulo, ndipo nthawi zambiri amatayanso kasitomala amene sadzabweranso.

Magetsi ambiri m'dziko muno amapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ESCOM ndiyo imawagawa. Madzi akachepa, kapena zinyalala ndi matope zikatseka makina, magetsi amayamba kugawidwa mosinthana. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Choncho mwini saluni ayenera kuwerengera kuthimathima kwa magetsi monga momwe amawerengera lendi. Ambiri akafuna kukonzekera amathamangira kugula jenereta kapena sola asanadziwe kuti zida zawo zimadya magetsi ochuluka bwanji, ndipo ndalama zimawonongekera pomwepo.

Werengani kaye zolembedwa pa zida

Chida chilichonse chamagetsi chili ndi kachizindikiro kuseri kapena pachogwirira, pomwe pali nambala yotsatana ndi chilembo cha W. Nambalayo ndi mawati, ndiko kuti mphamvu imene chidacho chimakoka chikamagwira ntchito. Mukazilemba papepala muona kuti zida za mu saluni zili m'magulu awiri otalikirana kwambiri. Mashini ometera a chingwe amadya mawati 10 mpaka 15. Babu la LED lowala bwino limadya mawati 9. Koma dulaya yovala kumutu imadya mawati pafupifupi 1,000, ndipo dulaya ya pamanja ndi ketulo yowiritsira madzi chilichonse chimafika pa mawati 2,000 kapena kuyandikira pamenepo.

Kusiyanaku kumabwera chifukwa cha kutentha. Kuyendetsa kampeni ka mashini kapena kuwalitsa chipinda kumafuna mphamvu yochepa, pomwe kutenthetsa mpweya kapena madzi kumafuna yambiri. Dulaya imodzi ya pamanja imadya magetsi oposa mashini ometera 100 oyatsidwa nthawi imodzi. Apa ndiye pagona nkhani yonse: kumeta ndi kuunika kungatetezedwe ndi batire lotsika mtengo, koma kuumitsa tsitsi kumafuna jenereta yamphamvu kapena kusankha bwino nthawi.

Batire limodzi litha kusunga mbali yometera

Tiyerekeze saluni ya chipinda chimodzi pamsika, yokhala ndi mipando iwiri yometera, madulaya awiri ovala kumutu, dulaya imodzi ya pamanja ndi mababu anayi. Mashini awiri ometera ndi mawati 30, mababu anayi ndi mawati 36, ndipo wailesi ndi kutchaja mafoni tiwerengere mawati 20. Zonse pamodzi sizikufika mawati 90.

Batire lolembedwa 12V 100Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi, chifukwa 12 kuchulukitsa ndi 100 ndi 1,200. Koma batire la asidi, kaya la madzi kapena la jelo, silifunika kulikama mpaka kutheratu. Mukamagwiritsa ntchito kupitirira theka tsiku ndi tsiku, limafa m'miyezi yochepa. Ndiye muwerengere 600. Inveta, kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, nayo imadyako gawo lina, motero otsala ndi pafupifupi 500. Gawani 500 ndi 90, mupeza maola asanu ndi theka. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kumeta ndi kuluka mpaka kuweruka pa tsiku limene magetsi athima masana.

Tsopano lumikizani dulaya yovala kumutu ya mawati 1,000 pa batire lomwelo. Mphamvu ya 500 ija itha mu theka la ola, tsitsi la kasitomala lisanaume, ndipo mawaya ochokera pa batire atentha chifukwa akunyamula maampu oyandikira 100. Inveta yaing'ono ingolira n'kuzima. Njira yosavuta yopewera zimenezi ndi kukhala ndi soketi yakeyake ya inveta, yopakidwa utoto wosiyana, ndi kuuza aliyense wogwira ntchito kuti dulaya ndi ketulo sizilowa pamenepo.

Pogula inveta, funsani ngati palembedwa Pure Sine Wave. Mashini ambiri ometera a chingwe amayenda ndi maginito amene amanjenjemera motsatira kayendedwe ka magetsi. Pa inveta yotchipa yolembedwa Modified Sine Wave mashini otere amalira mokweza, amatentha m'manja ndipo amayamba kukoka tsitsi m'malo modula. Ngati ndalama zachepa, mashini otchaja opanda chingwe ndi poyambira pabwino. Ambiri amameta kwa ola limodzi kapena awiri asanathe moto, choncho akhale awiri pa mpando uliwonse, ndipo azitchajidwa magetsi akangobwera. Batire lalikulu nalo lizitchajidwa tsiku lomwelo, chifukwa batire la asidi likagona lopanda moto limafooka. Sola ya padenga imathandiza pamene magetsi akuthima masiku otsatizana.

Kuunika nako kufunika kulingalira. Mababu otchaja amene amayaka okha magetsi akathima ndi othandiza, koma kuwala kwake kumachepa pang'onopang'ono. Womata mzere wa pamphumi kapena wosakaniza utoto wa tsitsi amafuna kuwala kochokera kutsogolo ndi m'mbali, kuti mutu wa kasitomala usapange mthunzi. Ikani babu pafupi ndi galasi, ndipo mpando wolukira ukhale pafupi ndi khomo kapena windo. Makandulo asalowe mu saluni, chifukwa sipiliti, mankhwala opopera tsitsi ndi mameshi zimayaka msanga.

Jenereta ya madulaya iyenera kubweza ndalama za mafuta

Kajenereta kakang'ono kofala m'misika, kosakaniza petulo ndi oilo, kamatulutsa mawati osafika 1,000. Mashini ndi mababu kamayendetsa, koma dulaya ayi. Majenereta akuluakulu amalembedwa kVA, ndipo mawati amene mungadalire amachepera pa nambalayo: ya 3 kVA muiwerengere mawati pafupifupi 2,400. Mu saluni yathu ija madulaya awiri ovala kumutu ndi mawati 2,000, kuphatikiza 90 ya mashini ndi mababu, ndipo jenereta ikwanitsa. Wina akangoyatsa dulaya ya pamanja, katundu afika pa mawati 4,000. Mumva injini ikulira molemedwa, mababu achita mdima, kenako swichi yotetezera idumpha. Lamulo likhale loti madulaya ovala kumutu ndi ya pamanja azisinthana.

Jenereta ya msinkhu umenewu imamwa petulo pafupifupi lita imodzi pa ola, kapena kupitirirako ikalemedwa. Kuumitsa tsitsi lomangidwa marola kumatenga mphindi 40 kapena ola lathunthu ngati tsitsi ndi lambiri. Mukayatsira munthu mmodzi, mtengo wa lita yonse ugwera pa mutu umodzi ndipo phindu lithera m'mafuta. Mukakonza anthu awiri kuti alowe m'madulaya nthawi imodzi, mtengowo ugawika pawiri. N'chifukwa chake ndi bwino kutsuka ndi kumanga marola anthu awiri kaye, n'kuyatsa jenereta pambuyo pake. Ngati mumawonjezera mtengo pogwiritsa ntchito jenereta, lembani pakhoma kuti kasitomala adziwe asanakhale pampando. Kumbukiraninso kuti mafuta akasowa m'dziko, kugula petulo m'zigubu kumavuta, choncho jenereta isakhale chiyembekezo chanu chokha.

Pali zinthu ziwiri zimene zingaphe munthu. Choyamba ndi utsi wa jenereta, umene uli ndi mpweya wa poizoni wosaoneka ndiponso wosanunkha. Jenereta ikhale panja, kutali ndi khomo ndi windo, ngakhale mukuopa akuba. Anthu akayamba kudandaula mutu ndi chizungulire, zimitsani ndi kutulutsa aliyense panja. Chachiwiri ndi kulowetsa magetsi a jenereta m'nyumba kudzera pa soketi ya pakhoma. Magetsiwo amatha kubwerera m'mawaya a ESCOM n'kugwira munthu amene akukonza pa polo, ndipo a ESCOM akabwera mwadzidzidzi jenereta imapsa. Itanani katswiri wa zamagetsi wovomerezeka aike swichi yosinthira, kapena lumikizani zida pa jenereta mwachindunji ndi chingwe chochindikala.

Ndondomeko ya tsiku imapulumutsa kuposa zida

ESCOM imalengeza ndandanda ya kuthima kwa magetsi malinga ndi madera. Nthawi zina magetsi amathima kunja kwa ndandandayo, komabe imakuthandizani kugawa ntchito. Kuseta ndi kuumitsa kuikidwe pa maola amene magetsi akuyembekezeka kukhalapo. Kuluka, kusoka wivi, kumasula tsitsi ndi kukonza zikhadabo popanda makina kuikidwe pa maola a mdima. Kasitomala wa ukwati muuzeni abwere dzulo lake kapena m'mamawa, ndipo mumufotokozere chifukwa chake.

Ntchito yofunika kusamala kwambiri ndi ya mankhwala owongolera tsitsi. Mankhwalawa sadikira magetsi. Akapitirira nthawi yolembedwa pabotolo, amawotcha khungu ndipo tsitsi limathothoka. M'madera ambiri magetsi akathima nthawi yaitali madzi a m'mipope nawo amasiya, chifukwa mapampu amayendera magetsi. Musanatsegule botolo, onetsetsani kuti pali ndowa ziwiri zodzaza madzi, madzi otentha mu fulasiki yaikulu osakanizira, shampu yoziziritsa mankhwalawo ndi tochi yotchajidwa. Chimodzi chikasowa, ntchitoyo isayambe, ngakhale kasitomala aumirire.

Magetsi akathima, chinthu choyamba ndi kuzimitsa ndi kuzula madulaya ndi zowotchera tsitsi. Chida chosiyidwa choyatsa chimadzatentha chokha magetsi akabwera usiku, saluni itatsekedwa. Akabweranso, dikirani mphindi zingapo. Ngati mababu akuwala mofooka kapena akuphethira, mphamvu sinakhazikike, ndipo injini ya dulaya ikhoza kupsa. Kachipangizo kotetezera firiji, kamene kamachedwetsa magetsi kwa mphindi zochepa, kamathandiza pa tchaja ndi zida zing'onozing'ono, koma pa dulaya gulani kolembedwa maampu okwanira.

Amene ndalama zake ndi zochepa ayambe ndi mashini otchaja, mababu otchaja ndi mgolo wa madzi. Kenako agule batire ndi inveta yabwino. Jenereta ibwere pomaliza, atalemba m'kabuku kwa mwezi wathunthu kuti ndi anthu angati amene anabwerera chifukwa dulaya sinayake. Ngati ndalama za anthu amenewo zikuposa mtengo wa petulo ndi kukonzetsa injini, jenereta idzadzigula yokha. Ngati sizikufika, kusintha maola a ntchito n'kokwanira.