Pampu ikamalira ngati ikupera miyala

Mwezi wa Okutobala ukafika, madamu ndi mitsinje zitaphwera, mapampu ambiri a ulimi wothirira amasintha kaliridwe. Amachita phokoso ngati mkati mwalowa miyala, amanjenjemera, ndipo madzi amatuluka modukizadukiza. Makaniko akatsegula sapezamo mwala ndi umodzi womwe. Amapeza impela, chitsulo chamapiko chozungulira chija, itadyeka timaenjetimaenje. Vutoli mainjiniya amalitcha kavitesheni.

Gwero lake ndi lakuti pampu sikoka madzi monga ambiri amaganizira. Imangochepetsa pulesha pakamwa pake, ndiye mpweya wa m'mlengalenga, womwe umapsinja pamwamba pa dziwe, ndi umene umakankhira madzi m'paipi. Tsono pulesha ikachepa, madzi amawira msanga. Pamwamba pa Sapitwa amawira pa madigiri pafupifupi 90 m'malo mwa 100, ndipo pakamwa pa pampu pulesha ikatsikitsitsa, madzi ozizira a m'damu amawira popanda moto. Timathovu ta nthunzi timapangika, tikafika mkati mwa impela momwe pulesha ndi yaikulu timaphwanyika mwadzidzidzi, ndipo madzi amamenya chitsulo pamalo amodzimodzi kambirimbiri mpaka kuchikumba.

Kupewa kwake ndi masamu ophotsera basi. Pali manambala awiri, onse m'mamita. NPSHr ndi pulesha imene pampuyo imafuna pakamwa pake. Opanga pampu amaijambula pa tchati, ndipo imakwera madzi opopedwa akamachuluka. NPSHa ndi imene malowo akupereka, ndipo iyi amawerengera yekha woika pampu.

```
NPSHa = Ha - Hs - Hf - Hv
```

Ha ndi mphamvu ya mpweya, Hs ndi kutalika kuchokera pamwamba pa madzi kufika pakati pa pampu, Hf ndi mphamvu yotayika madzi akamakhuzana ndi paipi, makona ndi futuvalavu, pomwe Hv ndi pulesha imene madzi amayamba kuwira nayo malinga ndi kutentha kwake.

Pa Ha ndi pomwe ambiri amagwa. Kugombe la nyanja yamchere mpweya umakankha madzi mamita 10.3, koma pamalo okwera mamita 1,000, monga chigwa cha Lilongwe, umangokankha mamita 9.2. Pampu yomwe inkagwira bwino ntchito ku Nsanje imafika ku Lilongwe itataya pafupifupi mita yathunthu isanalizidwe n'komwe.

Chitsanzo nachi. Pampu yaikidwa pa damu kufupi ndi Lilongwe, mamita 4 pamwamba pa madzi. M'paipi yokokera mukutayika mamita 1.5. Madzi ali pa madigiri 25, choncho Hv ndi 0.3. Pa 9.2 kuchotsapo 4, 1.5 ndi 0.3 patsala 3.4. Ngati tchati chikusonyeza NPSHr ya 2.5 pa kuchuluka kwa madzi komwe mlimi akupopa, pali mpata wa 0.9, ndipo pampu ili pabwino.

Chilimwe chikakula, damu latsika ndi mita imodzi, ndere zatseka sefa ya futuvalavu mpaka Hf yafika 2, ndipo madzi afunda kufika madigiri 30, pomwe Hv ndi 0.4. Tsopano pa 9.2 kuchotsapo 5, 2 ndi 0.4 patsala 1.8, kuperewera pa 2.5 uja. Pampu ndi yomweyo, palibe waigwira, koma impela yayamba kudyeka.

Kungofanana kwa manambala awiriwa sikokwanira. NPSHr imayezedwa pomwe mphamvu ya pampu yatsika kale ndi 3 peresenti, kutanthauza kuti timathovu tayamba kale. N'chifukwa chake mainjiniya amasiya mpata wosachepera theka la mita, ndipo mita yathunthu ndiye yabwinopo.

Pali njira yachidule yoyesera. Valavu ya kotulukira madzi ikatsekedwa pang'ono phokoso n'kuchepa, kavitesheni ndiye woyamba kumuganizira, chifukwa madzi akachepa Hf ndi NPSHr zimatsika limodzi. Likapitirira, ndi bwino kufufuza mabeyaring'i kapena polumikizira paipi pomwe pakulowa mpweya. Valavu ya kokokera yokha isatsekedwe pofuna kuchepetsa madzi. Kutero n'kuwonjezera vuto.

Kugula impela yatsopano, komwe ambiri amathamangira, ndi kutaya ndalama ngati masamu aja sanasinthe. Chothandiza ndi kutsitsira pampu kufupi ndi madzi, kutsuka sefa, kuchepetsa makona ndi kukulitsa paipi yokokera: kuchoka pa mamilimita 75 kupita pa 100 kumachepetsa kutayika kwa m'paipi pafupifupi kanayi. Ndipo amene akukonza zoika pampu ayeze Hs potengera pomwe madzi amatsikira mu Okutobala, osati pomwe amafika mu Malichi.