James Stewart anali awiri, ndipo onse anadutsa ku Nkhotakota kuno

Abale, ndiyambe ndi kuulula manyazi anga. Mwezi wathawu ndinaperekeza alendo kukaona mkuyu umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Pocheza ndinawauza molimba mtima kuti James Stewart, mzungu amene anayambitsa ganizo la mishoni ya Livingstonia, anafera ku Karonga akulambula msewu. Mayi wina pagululo anangofunsa mwaulemu kuti, "Nanga amene anaikidwa ku South Africa uja ndi uti?" Ndinasowa chonena. Digiri sindinamalize, koma mbiri ndimati ndimaidziwa. Usiku umenewo ndinafukula mabuku anga akale, ndipo ndinapeza kuti ndinasakaniza anthu awiri kukhala mmodzi.

Woyamba ndi Dokotala James Stewart, m'busa wa ku Scotland amene anaphunziranso zachipatala. Anabadwa mu 1831. Mu 1862 anafika ku Zambezi, ndipo analipo pamene mkazi wa Livingstone, Mary, ankamwalira ku Shupanga. Kenako anakakhala mkulu wa sukulu ya Lovedale ku South Africa. Ndi iyeyu amene mu 1874 anapempha mpingo wake kuti utsegule mishoni kunyanja kuno pokumbukira Livingstone. Koma sanabwere ndi gulu loyamba la 1875 lija. Anafika ku Cape Maclear mu 1876 pamodzi ndi alaliki achikhosa, kuphatikizapo William Koyi, n'kubwerera chakumapeto kwa 1877. Anamwalirira ku Lovedale mu 1905.

Wachiwiri ndi msuweni wake, nayenso James Stewart. Ameneyu sanali m'busa kapena dokotala ayi, anali injiniya wogwira ntchito za boma ku India. Mu 1877 anabwera kuno ali patchuthi, ndiye basi n'kukhazikika. Anathandiza kukonza malo a mishoni ya Blantyre komanso msewu wolambalala mathithi a Shire. Mu 1881 anayamba msewu wa Stevenson, wochokera ku Karonga kulowera kunyanja ya Tanganyika. Malungo anamutenga mu 1883, msewuwo usanathe.

Mwaona pamene ndinagwera? Ndinatenga chiyambi cha wina n'kumatapo imfa ya mnzake.

Ndiye tiwasiyanitse bwanji? Choyamba, yang'anani chaka. Nkhani ikakhala ya 1876 kubwerera m'mbuyo, ameneyo ndi m'busa, chifukwa injiniya anali asanafike. Ikakhala yochitikira kunyanja kuno pakati pa 1878 ndi 1883, ndi injiniya, chifukwa m'busa anali atabwerera ku Lovedale. Ikapitirira 1883, ndi m'busanso, popeza mnzakeyo anali atatisiya.

Tiyese ndi zakwathu kuno. Mu 1877 sitima ya Ilala inazungulira nyanja mpaka kumpoto, n'kuima pa Nkhotakota kwa Jumbe. M'menemo munali Dokotala Robert Laws ndi Stewart. Chaka chotsatira, 1878, Laws yemweyo anayenda ulendo wapansi kumadzulo kwa nyanja, kudutsa kuno mpaka kwa Atonga, pofuna malo abwino kuposa Cape Maclear kumene malungo ankapha anthu. Analinso ndi Stewart. Ukawerenga mothamanga umangoti ndi anthu omwewo. Ayi ndithu. Wa 1878 ndi injiniya, chaka chikuchitira umboni. Zotsatira za kufufuzako n'zoti mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881.

Nanga wa m'sitima uja? Apa chaka sichithandiza, chifukwa mu 1877 onse awiri anali m'dziko muno. Ndiye timaona zimene zalembedwa pambali pa dzina. Mabuku akale amalemba m'busa kuti Dr Stewart kapena Stewart of Lovedale. Injiniya amamulemba Mr James Stewart, kapena amaika zilembo C.E. kumapeto, kutanthauza injiniya wa misewu ndi zomangamanga. Wa m'sitima ya 1877 amalembedwa Dr Stewart, ndiye ndi m'busa uja.

Zilembo zikasowa, funsani kuti munthuyo akutani. Akamayeza malo, kujambula mapu kapena kulambula msewu, kawirikawiri ndi injiniya. Akamatsogolera mishoni kapena kukamba za sukulu ndi ndalama za mpingo, ndi m'busa. Koma njirayi muziigwiritsa ntchito pomaliza, chifukwa amishoni a nthawi imeneyo ankagwira ntchito iliyonse.

Amene mukulemba mayeso a mbiri, kapena mumaperekeza alendo ngati ine, sungani zaka ziwiri izi: 1883 ndi 1905. Wina akakutumizirani chithunzi cha James Stewart pafoni, mufunseni kaye kuti ndi womwalira chaka chiti. Ine mayi aja ndinawatumizira uthenga wopepesa m'mawa mwake.