“Munali Kuti Zaka Zonsezi?”

Kampani ikalengeza malo amodzi a ntchito, makalata ofunsira malowo amafika ochuluka koti mkulu wolemba anthu ntchito sangathe kuitana eni ake onse ku mayeso apakamwa. Motero amayamba wapeta, monga achitira mayi ndi lichero. Kupetako kumachitika ndi mafunso oŵerengeka olembedwa pa fomu, kapena pa lamya, m’kucheza kwa mphindi zochepa chabe. Munthu amene anakhala zaka zingapo osagwira ntchito yolembedwa sangalephere kukumana ndi funso ili pamenepo: “Tikuona kuti kuyambira chaka chakuti palibe chimene mwalemba. Kodi munali kuti?”

Ambiri akamva funsoli mtima umagunda ngati aitanidwa ku bwalo la milandu. Koma wofunsayo sali woweruza. Ali ndi mulu wa makalata patsogolo pake, ndipo akufuna kudziŵa zinthu zitatu zokha: chimene chinachotsa munthuyo pa ntchito, ngati chinthucho chinatha, ndiponso ngati luso lake likadalipo. Zina zonse, ngakhale zikhale zoona ndi zomvetsa chisoni, sizimthandiza kusankha kalata yoti ipite patsogolo.

Apa ndi pamene mwambo wabwino umasanduka msampha. Mlendo akafika pakhomo kuno ku Malaŵi, malonje amayambira kutali: m’mene anadzukira, m’mene anayendera, amene anawasiya kunyumba. Pamaliro naponso, wofotokoza za matenda amayamba ndi tsiku limene malemu anadandaula mutu, n’kutchula zipatala zonse mwa ndondomeko yake. Kuyankha mwachidule kumamveka ngati mwano. Choncho wofunsira ntchito, pofuna kuonetsa ulemu, amayamba nkhani yake pachiyambi penipeni, ndipo nthaŵi imatha asanafike pa mfundo imene wofunsayo amaidikira.

Tiyerekeze mayi wina amene anali kalaliki wa za ndalama pa golosale yaikulu ku Limbe kuyambira 2012 mpaka Malichi 2019. Mayi ake atafa ziŵalo kumudzi ku Ntcheu, iye anasiya ntchito kukawadwazika, ndipo anatero mpaka pamene gogoyo anamwalira mu 2022. Pambuyo pake anakhalabe kumudzi, akugula ndi kugulitsa mbatata ya kachewere, ndipo anzake anamsankha kukhala msungichuma wa banki m’khonde. Mu 2025 wabwerera ku Blantyre, wafunsira ntchito yaukalaliki, ndipo lamya yalira. Pa chikalata cha mbiri yake pali zaka zisanu ndi chimodzi zopanda kanthu.

Mayiyu akatsata mtima wake, ayamba chonchi: “Ee bambo, ndi nkhani yaitali. Mayi anga anagwa kumunda, ndiye tinathamangira nawo kuchipatala, ndiye achimwene anga anati iwo sangathe chifukwa alamu anga…” Palibe bodza m’mawu ameneŵa. Koma pakutha kwa mphindi ziŵiri, wofunsa uja wadziŵa za mkangano wa pa banja, pomwe sanamvebe ngati mayiyu angapezeke pa ntchito Lolemba m’maŵa. Choipa china n’chakuti nkhani yofotokozedwa ndi mtima woŵaŵa imamveka ngati ikuchitikabe lero.

Yankho loyenera lingakhale lotere: “Ndinasiya ntchito mu Malichi 2019 kukadwazika mayi anga ku Ntcheu, ndipo anatisiya mu 2022. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikuchita malonda a mbatata ya kachewere, komanso kwa zaka zitatu ndinali msungichuma wa banki m’khonde ya anthu 25. Za kumudzi zinalongosoka, ndinabwerera ku Blantyre mu Januwale, ndipo ndingathe kuyamba ntchito pa 1 mwezi wa maŵa.” Ziganizo n’zitatu, mawu ndi pafupifupi 50, ndipo munthu wolankhula mosathamanga amazimaliza m’theka la mphindi.

Chiganizo choyamba chili ndi chifukwa chimodzi ndi zaka zake. Mayiyu sanatchule matenda, sanatchule amene anakana kuthandiza, ndiponso sanapepese. Kudwazika kholo si mlandu, ndipo munthu wopepesa pa chinthu chimene sichili mlandu amachititsa womvera kuganiza kuti pali china chimene chikubisidwa. Kutchula mwezi ndi chaka nako kuli ndi ntchito yake. Mawu akuti “kwa kanthaŵi ndithu” amasiya mpata woti wofunsa adzaze yekha ndi maganizo ake, pamene “Malichi 2019” ndi chinthu chimene angathe kuchiyerekeza ndi zikalata.

Zikalatazo ziyenera kugwirizana ndi pakamwa. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, m’gawo 31, limapatsa wantchito ufulu wopempha chikalata kwa amene anamlemba pamene ntchito yatha. M’chikalatamo mumalembedwa dzina la kampani, kutalika kwa nthaŵi imene munthuyo anagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chifukwa chimene ntchito inathera chimalembedwa pokhapokha mwini wake atapempha. Ndi nzeru kuchiŵerenga chikalatachi lamya isanalire. Ena amayesedwa kukankhira chaka chosiyira ntchito patsogolo, kunena 2021 m’malo mwa 2019, kuti mpata uoneke waung’ono. Koma wolemba ntchito amangoimba lamya kumodzi ku kampani yakale, ndipo zikatero sakambanso za mpata, akamba za bodza. Kalaliki wa za ndalama amene wapezeka akusintha manambala a mbiri yake yomwe, ndani angampatse mabuku a kampani?

Chiganizo chachiŵiri chimayankha nkhaŵa ya luso. Mayiyu anachita zambiri m’zaka zimenezo: analima, anasamala ana a abale, anaimba kwaya. Wasankhapo chimodzi chokha chofanana ndi ntchito imene akufuna. Msungichuma wa banki m’khonde amalemba masheya a munthu aliyense, amaŵerengera chiwongola dzanja pa ngongole, amalondola obweza mochedwa, ndipo pa tsiku logaŵana ndalama manambala ake amayesedwa pamaso pa gulu lonse. Imeneyi ndi ntchito ya mabuku ndithu, ndipo nambala ya anthu 25 ikuonetsa kukula kwake. Akanakhala kuti akufunsira ntchito yosamala odwala, akanasiya za banki n’kunena za zaka zitatu zimene anasamala munthu wosatha kudzuka yekha. Chofunika kupeŵa ndi kukometsa mopitirira. Amene amagulitsa mbatata pamsika wa Lizulu asadzitche mkulu wa kampani ya zaulimi, pakuti funso lotsatira lidzakhala la antchito angati ndi msonkho wotani, ndipo adzasoŵa pogwira.

Banki m’khonde ili ndi malire ake. Siphunzitsa za msonkho wodulidwa pa malipiro, umene magawo ake amasinthidwa kaŵirikaŵiri m’bajeti ya boma, ndiponso siphunzitsa kutumiza malipoti a msonkho ku MRA kudzera pa Msonkho Online. Wofunsa wodziŵa ntchito yake adzafika pamenepo. Mayiyu akhale ataŵerengeratu magawo a msonkho a chaka chimenecho, ndipo pa chimene sanachigwirepo anene poyera kuti sanachigwirepo koma wayamba kuchiphunzira, n’kutchula kumene akuphunzirira.

Chiganizo chachitatu ndicho chimene ambiri amachiiŵala, chonsecho ndicho chonyamula katundu yense. Wolemba ntchito sadandaula kwenikweni ndi zaka zapitazo, pakuti iye sanataye nazo kanthu. Chimene amaopa n’chakuti alembe munthu, amphunzitse miyezi itatu, kenaka chomwe chija chinamchotsa poyamba chimchotsenso. Choncho yankho liyenera kutseka nkhaniyo ndi chinthu chogwirika. Mawu akuti “tsopano ndine wokonzeka” aliyense angawanene. Koma akuti “ndinabwerera ku Blantyre mu Januwale” akuonetsa kuti munthu wasamuka kale, ndipo tsiku loyambira ntchito likuonetsa kuti palibe chomgwira mwendo.

Nanga ngati nkhaniyo sinathe? Mwina wodwala akadali moyo, kapena ana akadali aang’ono. Pamenepo sikoyenera kunama kuti zonse zinatha. Chofunika ndi kutchula dongosolo limene lakhazikitsidwa: “Mayi tsopano akukhala ndi achemwali anga ku Balaka,” kapena “mwana wotsiriza anayamba sukulu mu Seputembala.” Lamulo la ntchito lija limaletsa kusala munthu chifukwa cha udindo wa pa banja, komabe wofunsira ntchito amadzithandiza yekha akachotsa nkhaŵayo isanamere mizu m’mutu mwa womfunsa.

Mipata ina ili ndi zifukwa zovuta kuzitchula. Amene anadwala yekha anganene kuti anasiya ntchito chifukwa cha matenda, analandira chithandizo, ndipo tsopano angathe kugwira tsiku lathunthu. Sakakamizidwa kutchula dzina la nthenda pa lamya, ndipo lamulo la za HIV ndi Edzi la chaka cha 2018 limaletsa kuyeza munthu kachiromboka ngati njira yomlembera ntchito. Amene anachotsedwa pamene mahotela a kunyanja anasoŵa alendo chifukwa cha mliri wa Kovidi mu 2020 angonena zomwezo, kuti malo ake anatha pamodzi ndi a anzake, n’kutchula maganyu amene wakhala akugwira. Amene anachotsedwa chifukwa cha kulakwa kwake ali ndi njira yopapatiza koposa. Avomereze m’chiganizo chimodzi, mwachitsanzo kuti anachotsedwa chifukwa cha kujomba, anene chimene chasintha, ndipo atchule munthu amene wamgwirira ntchito pambuyo pake amene angamchitire umboni. Asanyoze bwana wakale, ngakhale bwanayo anali wankhanzadi, pakuti womvera amadziŵa kuti tsiku lina wonyozedwayo adzakhala iye.

Yankho likatha, pa lamya pamakhala bata kwa kamphindi. Nthaŵi zambiri wofunsayo amakhala akungolemba. Koma batali limaopsa, ndipo anthu ambiri amene anayankha bwino amaononga zonse pamenepa, poyambanso kuti, “Kungoti zinthu zinali zovuta kwambiri…” Mayi wa ku Ntcheu uja akangotchula tsiku limene angayambe ntchito, atseke pakamwa, adikire. Wofunsa akafuna zambiri afunsa yekha, ndipo funso lililonse liyankhidwe ndi chiganizo chimodzi kapena ziŵiri. Akati, “Pepani ndi imfa ya mayi,” yankho ndi “Zikomo bambo,” basi.

Pa fomu, pamene malo olembapo ndi mizere iŵiri kapena itatu, ziganizo zija zimafupikitsidwanso, ndipo zimalembedwa m’chilankhulo chimene fomuyo yafunsira. Za mayiyu zingaoneke chonchi: “Malichi 2019 mpaka 2022: kudwazika kholo ku Ntcheu. 2022 mpaka 2024: malonda, ndi usungichuma wa banki m’khonde ya anthu 25. Ndili ku Blantyre, ndingayambe mwezi wa maŵa.” Fomuyo asanaipereke aikopere papepala lina n’kusunga, kuti zaka zimene adzanene pa lamya ndi pa mayeso apakamwa zidzakhale zomwezo zimene analemba.