Ng'oma Itasanduka Ngoma: Ntchito Yojambula Mawu a Mutu Umodzi wa Buku

Azakhali anga atayamba kuvutika ndi ng'ala m'maso, chomwe chinkawawawa kwambiri chinali kabuku kawo kakale ka mbiri ya Achewa ndi Angoni, kamene sakanathanso kukawerenga. Ndinati ndiwajambulire mutu umodzi pa foni kuti azimvetsera ali pakhonde. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi, koma inanditengera sabata yathunthu, ndipo masiku ambiri anathera pa pepala, ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Mutuwo unali wa masamba khumi. Ndinajambula tsamba lililonse, zithunzizo n'kuzipatsa pulogalamu ya OCR, imene imasandutsa chithunzi cha tsamba kukhala zilembo zotheka kukonza pa kompyuta. Mapulogalamu ambiri otere anazolowera Chingerezi, ndiye Chichewa amachipunthwitsa. Kachizindikiro ka mu ng' kankasowa kawirikawiri. Pamalo ena pamene bukulo limakamba za ng'oma yoimba pamaliro a mfumu, pakompyuta panatuluka ngoma, nyama ya nyanga zopotana ija ya kutchire. Chilembo cha ŵ chinkasanduka zina ndi zina, ndipo m nthawi zina ankatuluka ngati rn. Zolakwa zotere sizigwidwa pongoyendetsa maso pakompyuta, chifukwa ubongo umadzikonzera wokha zimene ukuyembekezera kuona. Njira yake ndi ya anthu awiri: wina awerenge mokweza za pakompyuta, mnzake akutsatira ndi chala m'buku lenilenilo.

Palinso zinthu zimene zinaikidwa kuti zithandize maso okha. Nambala ya tsamba, dzina la buku lobwerezedwa pamwamba pa tsamba lililonse, mawu odulidwa pakati kumapeto kwa mzere, zonsezi n'zochotsa kapena kulumikiza. Timawu tofotokozera ta m'munsi mwa tsamba ndi timene timafuna kulingalira. Mutu wanga unali ndi tinayi. Tiwiri tinkangotchula buku lina ndi tsamba lake, ndinatisiya. Tiwiri tinkamasulira mawu akale, ndipo ndinatilowetsa kumapeto kwa ndime yake, kuti nkhani isadukire pakati pa chiganizo. Mawu oti "onani mapu ali patsamba lotsatira" sathandiza munthu womvetsera, choncho ndinalemba chiganizo chimodzi chonena kuti malowo ali chakumadzulo kwa nyanja. Zaka nazo ndinazilemba momwe tizitchulira: 1835 ndinalemba "eyitini sate faifi", poti ndi mmene azakhali ndi anzawo amanenera. Koma mawu a mlembi sindinawakhudze. Mabuku akale amalemba c pamene lero timalemba ch, monga amachitirabe ku Zambia, ndipo kusintha kalembedwe koteroko n'kungothandiza lilime. Kusintha chiganizo chake chifukwa chakuti sichikukusangalatsa ndi kumubera mwini.

Chimene chinandidyera nthawi koposa ndi mayina. Ndinatenga pepala lapadera n'kundandalika dzina lililonse la munthu ndi la malo, ndipo pambali pake ndinkalemba katchulidwe kake. Kalonga, Undi, Mankhamba ndi Kaphirintiwa sanandivute. Koma mbiri ya dziko lino muli malilime ambiri. Zwangendaba, amene anaolotsa Angoni pa Zambezi mu 1835, dzina lake si la Chichewa, ndipo ndinapita kwa bambo wina wachikulire wa ku Mzimba kuti alitchule katatu ndikujambula. Mmishonale Vlok, amene pamodzi ndi Murray anayambitsa mishoni ya Mvera mu 1889, anali wochokera ku South Africa, ndipo m'chilankhulo chake V wa kumayambiroyo amamveka ngati f. Apa pamafunika kusankha: kutchula monga eni dzina, kapena monga anthu a kuno analizolowera. Zonse n'zotheka, chachikulu n'chakuti ukasankha usasinthenso. Womvetsera saona kalembedwe, ndiye dzina likamveka mwina pa mphindi yachisanu ndi mwinanso pa mphindi ya makumi awiri, iye amayesa kuti ndi anthu awiri.

Mayina a malo a nthawi ya atsamunda ndinawasiya monga analembedwera, koma powatchula koyamba ndinkaonjezera dzina la lero: Fort Johnston, kumene tsopano ndi ku Mangochi, Kota Kota, ndiye Nkhotakota.

Ngakhale mawu wamba a Chichewa ali ndi msampha wake, chifukwa kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa chinthu pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, koma zimamveka mosiyana. N'chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Polankhula sitiphonya, koma powerenga mothamanga lilime limayamba liwu maso asanafike kumapeto kwa chiganizo, ndipo umapezeka wakweza pamene pamafunika kutsitsa. Mawu oterewa ndinkawadula mzere kunsi ndi pensulo kuti ndiziwaona akubwera.

Tsono liwiro. Owerenga mabuku a Chingerezi nthawi zambiri amayenda mawu pafupifupi 150 pa mphindi, koma chiwerengero chimenecho sichigwira kwathu kuno, pakuti liwu limodzi monga "sindinakamuonenso" lanyamula chiganizo chonse. Ndinadziyesa ndekha: tsamba la mawu 300 ndinaliwerenga mphindi 3, kutanthauza mawu 100 pa mphindi. Mutu wonse unali ndi mawu pafupifupi 3,000, choncho ndinadziwa kuti uyenera kutenga theka la ola. Nditajambula koyamba unatha pa mphindi 24. Pomvetsera ndinapeza chifukwa: masamba oyamba ndinayenda bwino, koma mpweya utayamba kuchepa ndinkathamangira kumapeto kwa ziganizo. M'Chichewa timakoka pang'ono silabo yachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, ndipo munthu wothamanga amameza kukokako. Ukangomva kuti ziganizo zikutha mododoma ngati zadulidwa ndi mpeni, dziwa kuti wathamanga.

Ndinabwerera ku pepala n'kuika zizindikiro: kamzere kamodzi popumira pang'ono, timizere tiwiri pothera ndime, ndi titatu pamene nkhani ikudumphira ku chaka china kapena dera lina, pamene ndinkakhala chete masekondi awiri kapena atatu. M'buku malo opanda zilembo ndi amene amauza maso kuti nkhani yasintha. Pa mawu ojambulidwa ntchito imeneyo imagwiridwa ndi kukhala chete. Pamene panali mndandanda wa mafumu olowana ufumu ndinkachedwa dala, dzina lililonse kulipatsa mpata wake, chifukwa dzina lachilendo limafuna nthawi kuti likhazikike m'khutu. Pa nkhani ya nkhondo ndinkafulumirako.

Kujambula kwenikweniko ndinakuchita usiku, atambala ndi njinga zamoto zitakhala chete, m'chipinda chimene ndinapachikamo mabulangete kuti mawu asamabwerere. Foni inali pamtunda wa chikhatho chimodzi, chapambali pang'ono pa kamwa, chifukwa ph, th ndi kh wathu amatulutsa mpweya umene umawomba maikolofoni. Ndikalakwitsa ndinkawomba m'manja kamodzi n'kubwereza chiganizo chonse. Kuwombako kumaoneka ngati kamzere katali mu pulogalamu yaulere ya Audacity, ndipo podula pamapezeka msanga. Zanga zinali za pakhomo, koma wofuna kugawira anthu kapena kugulitsa ayambe wapempha chilolezo kwa mlembi kapena osindikiza, ndipo bungwe la COSOMA lingamuunikire za umwini wa bukulo.

Kujambula kwachiwiri kunatha pa mphindi 31. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati dzina la mudzi wina wa ku Dedza ndalikweza polakwika, ndipo analitchula okha kawiri. Ndinalilemba pa pepala la mayina lija, n'kubwereza ziganizo zitatu zimene munali dzinalo.