Zokazinga za Mumsewu Zichepe

Polankhula pa kalabu ya zaumoyo kudera, wapampando amayamba ndi chiwaya cha tchipisi, poti aliyense amachidziwa. Amauza anzake kuti ayang'anitsitse mafutawo. Akada, akachita thovu ndiponso akamafuka utsi msanga, ndiye kuti akazingira kambirimbiri ndipo aonongeka.

Kenaka amatembenukira ku mchere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi. Komatu pachiwaya wogula amawaza yekha, osayeza. Mchere wochuluka umakweza BP, yomwe nthawi zambiri siipweteka mpaka munthu atachita sitiroko.

Pempho lake ndi lotheka: zokazinga kamodzi pasabata, masiku enawo mbatata yowiritsa kapena chimanga chootcha.