Mota Yosapuma: Chifukwa Chake Makina a Magiya Amangoti Uku ndi Uku

Pali makina ena amene ukaima pafupi nawo umamva mota ikulira pang'ono, n'kukhala chete, kenako n'kuliranso ikuzungulira mobwerera. Chimene ikuyendetsacho chimapita pang'ono kumanja, n'kuima, n'kubwerera kumanzere, tsiku lonse osakhazikika. Amisiri amati makinawo akusakasaka, chifukwa akufunafuna malo amene auzidwa kuti aimepo koma nthawi zonse akuwapitirira. Vutoli limapezeka pa mavavu a madzi otsegulidwa ndi mota, pa mikono ya maloboti, komanso pa mafelemu a masola otembenuka motsatira dzuwa. Ambiri amathamangira kusintha mota kapena waya, pomwe gwero lake nthawi zambiri limakhala mpata wochepa pakati pa mano a magiya, ukakumana ndi kontirola yosalekerera ngakhale kulakwa kochepetsetsa.

Tiyeni titenge felemu ya masola yotsatira dzuwa, yoyendetsedwa ndi mota ya mavoluti 24. Manambala amene titagwiritse ntchito ndi achitsanzo, koma ndi a msinkhu umene umapezekadi pa makina otere. Mota ikazungulira ka 3,000, magiya amatembenuza felemu kamodzi kokha. Pa shafuti ya felemuyo pali sensa imene imauza kontirola kuti felemu yapendekeka madigiri angati. Kontirola imayerekezera zimenezi ndi pamene felemu ikuyenera kukhala, ndipo ikapeza kusiyana imatumiza magetsi ku mota kuti ikonze. Ntchito yoyeza, kuyerekezera ndi kukonzayi imachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi.

Mdani woyamba ndi mpata wa mano, umene amisiri amautcha bakilashi. Mano a giya imodzi sagwirana thithithi ndi a inzake. Pamasiyidwa kampata kuti girizi alowe komanso kuti zitsulo zikatentha n'kufufuma zisamangane. Mota ikamazungulira mbali imodzi mpatawu suoneka, chifukwa dzino limakhala likukankha linzake. Umaonekera pobwerera: dzino lokankhalo limayamba layenda mumpatamo lokha lisanagunde dzino la mbali inayo. Pa felemu yathu, tinene kuti mpata wonse ndi madigiri 1.2. Ukuoneka wochepa, koma kumbali ya mota ndi maulendo 10 athunthu. Ndiye kuti mota ikabwerera imazungulira ka 10 felemu ili phee. Amene anayendetsapo lole yakale ya chiwongolero chogwedera akudziwa zimenezi: ukakhotetsa pang'ono matayala samva, ukawonjezera amakhota mopitirira, ndipo umapezeka ukungoti uku ndi uku pamsewu wowongoka.

Mdani wachiwiri ndi dera limene mota simva magetsi, lotchedwa dedibandi. Chinthu choima chimafuna mphamvu yambiri kuti chiyambe kuyenda kuposa imene chimafuna kuti chipitirize. Mota yathu, pamodzi ndi magiya ake, siyamba kuzungulira mpaka magetsi afike mavoluti 3, koma ikangoyamba imapitirira ngakhale magetsi atsike kufika pafupifupi mavoluti 2. Choncho lamulo lililonse la kontirola losafika mavoluti 3, kaya la kupita kapena la kubwerera, limangothera pomwepo.

Zinthu ziwirizi pazokha sizigwedeza felemu, zimangoisiya itaima malo olakwika pang'ono. Chimene chimayambitsa kusakasaka ndi khalidwe la kontirola. Makontirola ambiri ndi a mtundu wolembedwa PID, ndipo zigawo zake ziwiri ndi zimene zikutikhudza pano. Chigawo cha P chimapereka magetsi molingana ndi kukula kwa kulakwa: pa felemu yathu, mavoluti 2 pa digiri iliyonse. Chigawo cha I chimaunjika kulakwa pamene nthawi ikupita: voluti imodzi pa sekondi iliyonse imene felemu yakhala italakwa ndi digiri imodzi. Chigawo chimenechi sichiiwala ndipo sichitopa. Malinga ngati kulakwa kulipo, ngakhale kochepa bwanji, chimangowonjezera magetsi.

Tsopano tione zimene zimachitika. Felemu ikuyenera kuima pa madigiri 30.0 koma yaima pa 30.3. Chigawo cha P chikupereka mavoluti 0.6 okha, ndipo mota siigwedezeka. Chigawo cha I chikuyamba kuunjika mavoluti 0.3 pa sekondi iliyonse, ndipo pakapita masekondi 8 chafika pa 2.4. Zonse pamodzi zakwana mavoluti 3, mota yadzuka. Koma ikubwerera, ndiye iyenera kudutsa kaye mumpata wa mano, maulendo 10 aja, zimene zikutenga pafupifupi masekondi 2. Nthawi yonseyi sensa ikunenabe kuti 30.3, kontirola ikuona ngati mota sikumva, n'kuwonjezeranso mavoluti 0.6.

Kenako mano agundana, gu! Felemu yanyamuka ndipo pa theka la sekondi yafika pa 30.0. Apa mpamene inayenera kuima, koma chigawo cha I chidakali ndi mavoluti pafupifupi 3 amene chinaunjika, ndipo mota yoyenda kale imakhutira ndi 2. Felemu ikupitirira mpaka kukaima cha pa 29.6. Tsopano kulakwa kuli mbali inayo. Chigawo cha I chiyenera kutaya zonse zimene chinasonkhanitsa n'kuyamba kuunjika za mbali ino, ntchito ya masekondi pafupifupi 13. Ikatero mota idzukanso, idutsanso mumpata, igundanso dzino, ndipo felemu ipitiriranso. Ulendo wonse wopita ndi kubwera ukutenga pafupifupi theka la mphindi, ndipo palibe chimene chingauthetse chokha.

Kugwedezeka kosakwana digiri imodzi kungaoneke ngati nkhani yaing'ono, koma werengani kudzuka kwa mota. Dzuwa limasuntha madigiri pafupifupi 15 pa ola, kotero felemu yoyenda digiri imodzi nthawi iliyonse ingafune kuti mota idzuke ka 15 basi. Felemu yosakasakayi ikuidzutsa koposa ka 200 pa ola. Mota imakoka magetsi ambiri podzuka, ndiye imatentha, mabulashi ake amatha msanga, ndipo batire limatsika. Choipa kwambiri n'chakuti kugundana kwa mano kuja kumachitika pa mano omwewomwewo, amaperepeseka, mpata n'kukula, kusakasaka n'kukulirakulira.

Kodi mungadziwe bwanji kuti vuto ndi limeneli? Choyamba onani kayendedwe kake. Kusakasaka kwa mpata ndi dedibandi kumakhala kwapang'onopang'ono ndipo kumakhala ndi nthawi zoima: kuyenda, kuima, kubwerera, kuima. Kukula kwake sikusintha, sikuwonjezeka komanso sikuzilala. Mukaika mita pa mawaya a mota mudzaona magetsi akukwera pang'onopang'ono felemu ili chiimire. Koma ngati makina akunjenjemera mofulumira popanda kuima, nthawi zambiri ndiye kuti chigawo cha P chakwezedwa kwambiri, ndipo limenelo ndi vuto lina. Chizindikiro china n'chakuti mukachepetsa chigawo cha I, kusakasaka kumangochedwerapo koma sikutha.

Kenako yezani. Zimitsani magetsi, gwirani m'mphepete mwa felemu, muikankhe pang'ono uku ndi uku. Pa mtunda wa mita imodzi kuchokera pa shafuti, mpata wa madigiri 1.2 umaoneka ngati kugwedera kwa mamilimita 21. Njira imeneyi imaonetsa makamaka mpata wa giya yomaliza. Kuti mupeze wonse, lembani choko pa shafuti ya mota, muizungulize mbali imodzi mpaka felemu iyende, kenako muibweze mukuwerenga maulendo mpaka felemu iyambenso kuyenda. Yezani malo angapo, chifukwa mano apakati, amene amagwira ntchito tsiku lililonse, amatha msanga kuposa akumapeto. Musaiwale kuona kiyi ya pa shafuti ndi mabawuti a kapulingi, poti kugwedera kwina kumachokera pamenepo osati m'mano. Dedibandi imayezedwa pokweza magetsi pang'onopang'ono mpaka mota iyambe kuzungulira, mbali zonse ziwiri.

Mankhwala oyamba ndi odabwitsa, chifukwa ndi kuika dala dedibandi ina mkati mwa kontirola. Mumaiuza kuti felemu ikafika mkati mwa madigiri 0.3 kuchokera pamalo ofunikira, izimitse mota ndi kufufuta zonse zimene chigawo cha I chaunjika, ndipo isadzutsenso mota mpaka kulakwa kufike madigiri 1.5. Malire odzutsirawa ayenera kuposa mpata wa mano, apo ayi mphepo ikangokankha felemu mumpatamo kontirola iyambiranso kuthamangitsa. Ndi makonzedwe amenewa mota imadzuka ka 12 kapena 13 pa ola. Nanga magetsi otayika? Sola ikaphonya dzuwa ndi madigiri 1.5, kuwala kofika pa iyo kumachepa ndi 0.03 peresenti yokha, zimene mwini wake sangazione n'komwe.

Mankhwala achiwiri ndi kuonetsetsa kuti mano akutsamira mbali imodzi nthawi zonse. Sipuling'i kapena chitsulo cholemera chokokera felemu mbali imodzi chimatseka mpata, bola mphamvu yake iziposa mphepo ya masiku onse. Kumathandizanso kulamula kuti masana felemu iziyenda chakumadzulo kokha, osabwerera. Ikapitirira pang'ono ingodikira, dzuwa liipeza. Magiya ena amalola kuyandikizitsa mano, koma musatseke mpata wonse: mano akamangana pamalo osaperepeseka, dedibandi imakula ndipo mota imapsa.

Ena amachotsa sensa pa felemu n'kuiika pa mota. Kusakasaka kumachepadi, chifukwa kontirola siuonanso mpata uja, koma felemu ikhoza kulakwa ndi madigiri 1.2 onse kontirola osadziwa. Pa masola zimenezi zilibe kanthu. Pa makina osema zitsulo kapena pa matelesikopu akuluakulu sizingatheke, n'chifukwa chake kumeneko amagula magiya apadera a mpata wochepa kwambiri, kapena kuika mamota awiri okokerana kuti mano asalekane.

Choncho musanagule mota yatsopano, yezani mpata ndi dedibandi, kenako dzifunseni kuti ntchitoyo ikufuna kulondola kotani. Kontirola imene yauzidwa kuti ilondole kuposa mmene magiya ake angathere idzasakasaka mpaka mota itapsa.